Chimangirizo changa chabwezedwa, akuti sakuona chimene ndikunena

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto. Tinapatsidwa ntchito yolemba chimangirizo cha mawu osaposa 600 pa funso lakuti, "Kodi ophunzira aziloledwa kubwera ndi mafoni kusukulu?" Ine ndinalemba ndime zisanu ndi imodzi, mawu anakwana 840 chifukwa mfundo zinandichulukira. Aphunzitsi andibwezera atalemba m'munsi kuti, "Mfundo zilipo, koma iweyo ukuti chiyani?" Andipatsa masiku anayi kuti ndilembenso. Zikundiwawa chifukwa ndinachezera usiku, ndipo sindikuona pamene ndalakwitsa. Ubwino ndinalemba, kuipa ndinalembanso. Chatsala n'chiyani?

Madalitso: Pepa Tadala. Mwina ndi kalembedwe ka mawu. Ine anandichotserapo malikisi ambiri chifukwa cha mipumiro ndi zilembo zazikulu. Upeze munthu wodziwa malamulo a chiyankhulo akuwerengere.

Mayi Nabanda: Madalitso, zimenezo zili ndi nthawi yake, koma ndemanga ya aphunzitsiyo sikukamba za mipumiro. Tadala mwanawe, tatilembera pano ndime yako yoyamba monga mmene ilili. Usakonze kanthu.

Tadala: Nayi mayi: "Masiku ano dziko lasintha kwambiri chifukwa cha luso lamakono. Pafupifupi munthu aliyense ali ndi foni. Mafoni ali ndi ubwino komanso kuipa kwake. M'chimangirizo ichi ndikamba za ubwino ndi kuipa kwa mafoni m'sukulu."

Mayi Nabanda: Basi, vuto lili pomwepo, ndipo si lako wekha. Pa zaka zimene ndakhala ndikuchonga zolemba za ana, chiyambi chotere ndachiona kosawerengeka.

Funso lakufunsa kuti aziloledwa kapena ayi. Werenga ziganizo zako zinayizo, kodi pali chimene chayankha? Chachitatu chikuti mafoni ali ndi ubwino ndi kuipa. Ndani angakutsutse? Mpeni uli ndi ubwino ndi kuipa, njinga chimodzimodzi, mvula chimodzimodzi. Chiganizo chimene chingakwane pa chinthu chilichonse ndiye kuti sichinanene kanthu za mafoni. Chachinayi chikungolengeza kuti ukamba nkhani, koma osatiuza kumene nkhaniyo ikulowera.

Chimangirizo chimafuna chiganizo chimodzi chosenza mfundo yaikulu, chimene zonse zotsatira zikubwera kudzachiikira kumbuyo. Njira yochiyesera ndi iyi: yerekeza kuti wachinena pamaso pa munthu wanzeru zake. Ngati angathe kuyankha kuti "ayi, ine sindikugwirizana nazo", ndiye kuti wagwira mfundo. Ngati angogwedeza mutu n'kunena kuti "eya, zimenezo aliyense akudziwa", ndiye kuti wangotchula mutu wa nkhani. Tsono siya pepalalo kaye, undiyankhe ngati tikucheza: iweyo ukuganiza bwanji, azibwera nawo kapena ayi?

Tadala: Ndikuganiza kuti asamabwere nawo. Ndiye ndilembe kuti, "Mafoni asaloledwe kusukulu chifukwa amasokoneza maphunziro"?

Chikondi: Eya, kumeneko ndiye kulemba. Sankha mbali imodzi basi, uchotse zonse zokamba za ubwino. Ife tinaphunzira kuti ndime zikhale zisanu: chiyambi, mfundo zitatu, mathero. Ndipo chiyambicho uyambe ndi mwambi, wochonga amakopeka pomwepo. Mwachitsanzo "chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere", ukugwirizana bwino ndi nkhani ya mafoniyi.

Bambo Gondwe: Ndilowepo pang'ono. Ine si mphunzitsi, koma kuntchito ndimalemba ndi kuwerenga malipoti tsiku ndi tsiku. A Chikondi, zosankha mbali mwanena zoona. Koma zochotsa ubwino wonse ndikukana. Wowerenga si mwana, akudziwa kuti foni imathandiza. Mukabisa zimenezo amayamba kukukayikirani ngakhale pamene mukunena zoona.

Tadala, ndikufunse. Pa ndime zako zija, ndi iti imene unalemba mtima uli m'malo, yomwe sungalole kuitaya?

Tadala: Ndi yachinayi bambo. Ndinalemba za mng'ono wanga amene amayenda mtunda wautali pobwera kusukulu. Tsiku lina anadwala panjira, ndipo anathandizika chifukwa mnzake anali ndi foni, anaimbira makolo.

Bambo Gondwe: Waona tsono? Chiganizo chimene wapanga chija chikuti mafoni asaloledwe, koma ndime imene umaikhulupirira kwambiri ikuti foni inapulumutsa mng'ono wako. Ukasiya choncho, chimangirizo chizimenyana chokha. Ndiye kuti chimene umaganizadi sunachinenebe.

Tadala: Mmm. Zoona zake n'zakuti sindidana ndi zoti azibwera nawo. Chimandinyansa ndi m'kalasi, aphunzitsi akufotokoza wina ali pansi pa desiki kuyankha mauthenga, ife oyandikana naye maso onse komweko.

Mayi Nabanda: Mfundo yako yaikulu ndi imeneyo, waitulutsa wekha. Ilembe m'chiganizo chimodzi, chikhale ndi yankho komanso chifukwa chake.

Tadala: "Ophunzira aziloledwa kubwera ndi mafoni kusukulu koma asamalowe nawo m'kalasi, chifukwa foni imateteza mwana panjira pomwe m'kalasi imamulanda chidwi chimene phunziro limafuna."

Mayi Nabanda: Chimenechi ndiye chiganizo. Taona zimene chachita. Chayankha funso. Munthu angachitsutse, ndipo angachitsutse kuchokera mbali ziwiri: wina adzati aletseretu, wina adzati alowe nawo m'kalasi momwemo kuti azifufuzira zinthu. Komanso chakupatsa kale dongosolo la thunthu, chifukwa chalonjeza zinthu ziwiri, za panjira ndi za m'kalasi. Chilichonse chimene sichikutumikira malonjezo awiriwa chilibe malo, ngakhale chikhale chokoma bwanji.

Za mwambi, Chikondi, sindikuletsa, koma tayesa uwu wa mkuyuwu pa chiganizo cha Tadala. Mwambiwo ukuti chinthu chooneka chabwino n'chovunda m'kati. Tadala sakunena zimenezo. Akuti foni ndi yabwino pamalo ena, yoipa pamalo ena. Akayamba ndi mwambi umenewu wowerenga ayembekezera chimangirizo chonyoza mafoni, kenaka apeza china.

Chikondi: Pa mwambipo ndavomera mayi. Koma za ndime zisanu sindisintha, zinandithandiza pamayeso ndipo zimateteza munthu kuti asasochere.

Mayi Nabanda: Pa mawu 600 ndime zisanu zikukwanira bwino, sindikutsutsa. Chiyambi mawu ngati 70, ndime zitatu za thunthu mawu ngati 140 iliyonse, mathero 70, zonse pamodzi 560. Chimene ndimakana ndi kuganiza kuti mfundo ziyenera kukhala zitatu nthawi zonse. Ndaona ana ali ndi mfundo ziwiri zolimba akukakamiza yachitatu yofooka kuti chiwerengero chikwane, ndipo yofookayo ndi imene wochonga amatsala akuikumbukira.

Yamikani: Pepani ndalowa mochedwa. Ine maganizo anga ndi oti mafoni aletsedwe basi. Ana akuonera zinthu zosayenera, ena akubera mayeso. Kale kunalibe mafoni koma anthu ankakhoza.

Madalitso: Achimwene, sitikukambirana za mafoniwo ayi, tikuthandiza Tadala kalembedwe.

Yamikani: Oho, pepani. Komabe aikemo zobera mayesozo, ndi mfundo yamphamvu.

Tadala: Zilimo kale achimwene, m'ndime yachitatu. Ndiiike pano kuti muione, chifukwa pambali pake aphunzitsi anajambulapo mfunsiro waukulu:

"Mafoni amasokoneza ophunzira m'kalasi. Ophunzira ena amabera mayeso pogwiritsa ntchito mafoni. Komanso mafoni ndi okwera mtengo ndipo makolo ena sangakwanitse. Kuwonjezera apo, kuyang'ana foni nthawi yaitali kumawononga maso. Choncho mafoni ndi oipa."

Bambo Gondwe: Iyi si ndime imodzi, ndi mitu ya ndime zinayi yoikidwa m'thumba limodzi. Kusokoneza, kubera, mtengo, maso. Palibe imene yapatsidwa mpata wopuma. Chizindikiro chake ndi mawu awo akuti "komanso" ndi "kuwonjezera apo". Ukaona chiganizo chilichonse chikuyamba ndi mawu owonjezera, dziwa kuti ukuunjika, sukumanga. Ndime yomangidwa bwino imakhala ndi mawu ngati "chifukwa", "mwachitsanzo", "zikatero", "n'chifukwa chake", popeza chiganizo chilichonse chikutuluka m'chinzake.

Mayi Nabanda: A Gondwe anena bwino. Tiyeni tizisefe zinayizo ndi chiganizo chathu chija. Mtengo wa foni ukukhudza chitetezo cha panjira kapena chidwi cha m'kalasi? Ayi, uchoke. Za maso nazonso zichoke, ndipo pali chifukwa china: Tadala alibe umboni wake m'manja, wangomva anthu akunena. Chinthu cha zaumoyo chimene sungathe kusonyeza kumene wachitenga usachilembe ngati choonadi. Zobera mayeso, a Yamikani, n'zoona zimachitika, koma mayeso ali ndi malamulo akeake ndipo chiganizo cha Tadala chikukamba za nthawi ya phunziro. Akafuna akhoza kuzitchula m'chiganizo chimodzi, osapitirira apo.

Chatsala ndi chiganizo choyamba chija, ndipo n'chimene chikufuna ndime yonse. Uchite motere mwanawe. Yamba ndi chiganizo chonena mfundo ya ndimeyo. Kenaka fotokoza mmene zimachitikira, ngati ukuuza munthu amene sanalowepo m'kalasi mwanu. Kenaka pereka chitsanzo chimodzi chooneka ndi maso. Pomaliza sonyeza kuti zimenezi zikutanthauzanji pa mfundo yako yaikulu. Ana ambiri amaima pa chitsanzo, amaganiza kuti chitsanzo chimadzilankhulira chokha. Sichilankhula, wolemba ndi amene amanena chimene chitsanzocho chikusonyeza.

Tadala: Ndayesa, nayi:

"M'kalasi foni imalanda wophunzira chidwi, ngakhale aiyang'ane kwa kanthawi kochepa. Phunziro limayenda ngati unyolo, sitepe iliyonse imadalira imene yapita. Wophunzira akaweramira uthenga aphunzitsi a masamu ali pa sitepe yachiwiri, podzadzutsa mutu amapeza ali pa yachinayi, ndipo zotsatira zonse sazimvanso. Sataya yekha, chifukwa oyandikana naye amatembenukira ku kuwala kwa foniyo, ndipo aphunzitsi akaima kuti amudzudzule kalasi yonse imaima. Kulangiza ophunzira kuti adzigwire sikukwanira, popeza foni ili m'thumba imaitana ngakhale isakulira. N'chifukwa chake malo ake ndi kunja kwa chitseko cha kalasi."

Madalitso: Iii, ngati walemba munthu wina! Ndaiona kalasiyo m'maso mwanga.

Bambo Gondwe: Yasintha kwambiri. Chinthu chimodzi: unyolo sukhala ndi masitepe. Wasakaniza zithunzi ziwiri. Sankha chimodzi, kapena makwerero ndi masitepe ake, kapena unyolo ndi mfundo zake. Ine ndikanati "phunziro limakwera ngati makwerero".

Chachiwiri, chiganizo chako chakuti kulangiza sikukwanira ndi chofunika kuposa mmene ukuganizira, chifukwa pamenepo wayamba kuyankha munthu wotsutsa. Ndime yako yachitatu ya thunthu ikhale ya iyeyo. Umupatse mfundo yake yamphamvu, osati yofooka yoti uigwetse mosavuta. Yamphamvu ndi yakuti foni ili ndi mtanthauziramawu ndi mabuku, ndipo pamene mabuku ndi ochepa ingathandize phunziro lenilenilo. Uvomereze zimenezo poyera, kenaka uyankhe.

Chikondi: Apa ndiye ndikukana ndithu bambo. Kupatsa mdani mkondo? Wochonga angaganize kuti Tadala sakudziwa mbali imene ali, n'kubwereranso ku vuto loyamba lija.

Bambo Gondwe: Zingatero ngati angoitchula n'kuisiya, monga anachitira poyamba. Kusiyana kwake ndi kwakuti tsopano aitchula kuti aiyankhe, ndipo mawu oyamba a ndimeyo azisonyeza kuti awa ndi maganizo a ena: "Ena amati..." Kenaka "N'zoona kuti..., koma..."

Chikondi: Kunyumba ndi masiku anayi mwina. Pamayeso, nthawi ikuthamanga, ine sindingayerekeze. Ndaona anzanga akuyamba ndime yotsutsa belu n'kulira asanaiyankhe, chimangirizo n'kuthera m'manja mwa mdani.

Mayi Nabanda: Ngozi imeneyo ilipodi Chikondi, sindingakunamize. Pamayeso zimatengera kuti watsala ndi mphindi zingati. Koma ntchito ya Tadala ndi yakunyumba, ndiye ailembe.

Ndikufuna tikambe za kukonza, chifukwa pa masiku anayiwo ambiri amalemba tsiku lachinayi n'kupereka osawerenganso. Lemba lero kapena mawa, ugone, usachigwire. Chifukwa chake n'chakuti ukangomaliza kulemba, mutu wako umakumbukirabe chimene umafuna kunena, ndiye maso amawerenga za m'mutuzo osati zimene zili papepala. Pakapita usiku umodzi umayamba kuona mipata.

Ndipo usakonze zonse nthawi imodzi. Kuwerenga koyamba usayang'ane mipumiro n'komwe. Tenga pensulo, pambali pa ndime iliyonse ulembe m'mawu osaposa asanu chimene ndimeyo ikunena. Osati chimene umafuna kuti inene, koma chimene ikunenadi. Ukalephera kuifupikitsa popanda kuika "ndi" kapena "komanso", ndimeyo ili ndi mfundo ziwiri, igawe kapena uchotse imodzi. Ukapeza ndime ziwiri zili ndi mawu ofanana m'mbalimo, wabwereza, ziphatikize. Ukatha, werenga timawu ta m'mbalito tokha kuchokera pamwamba mpaka pansi, chiganizo cha mfundo yaikulu chili patsogolo pako. Tikuyenera kumveka ngati nkhani imodzi yoyenda. Chifukwa choyambira apa n'chakuti palibe phindu kupukuta chiganizo kwa mphindi khumi kenaka n'kupeza kuti ndime yake yonse ikuchoka.

Madalitso: Ndiye za mipumiro zanga zija zibwera liti mayi?

Mayi Nabanda: Pomaliza penipeni, ndipo n'zofunika, usadandaule. Pakati pali kuwerenga kwachiwiri, kwa ziganizo. Apa uwerenge mokweza, pakamwa. Pamene mpweya wakuthera chiganizo chisanathe, chatalika. Pamene lilime lapunthwa, wowerenganso adzapunthwa pomwepo. Tadala, tapeza chiganizo chachitali kwambiri m'zolemba zako zoyamba zija.

Tadala: Ichi: "Kunena zoona, tikaonetsetsa bwinobwino, n'zodziwikiratu kuti mafoni ndi zinthu zimene zimatha kuchititsa kuti ophunzira ambiri asokonezeke kwambiri pa nthawi imene aphunzitsi akuphunzitsa m'kalasi."

Bambo Gondwe: Mawu 23. Tayang'ana kuti mneni weniweni ali pati: kusokoneza. Wabisika kumbuyo kwa "ndi zinthu zimene zimatha kuchititsa kuti". Mutulutse, umuike pafupi ndi mwini wake: "Mafoni amasokoneza ophunzira aphunzitsi akamaphunzitsa." Mawu 5, ndipo palibe chatayika. "Kunena zoona" amachititsa munthu kufunsa ngati zina zonsezo sizinali zoona. "N'zodziwikiratu" ndi mawu amene timaika pamene tilibe umboni. Ukasaka mawu otere m'chimangirizo chonse, mbali yaikulu ya mawu 240 owonjezera aja ichoka yokha.

Mayi Nabanda: Pali msampha wina umene nkhani iyiyi ili nawo kwambiri. Taonani mayina ake: aphunzitsi, ophunzira, makolo, mafoni. Onsewa pa mneni amatenga "a" ndi "wa". Ndiye mwana amalemba kuti, "Akawapeza nawo amawalanda ndipo amadandaula." Akudandaula ndani? Aphunzitsi, ophunzira, kapena makolo? Wolemba akudziwa, wowerenga sakudziwa. Powerenga mokweza, pa mneni aliyense dzifunse kuti "ndani?", ndipo ngati mayankho angakhale awiri, bwezerapo dzina: "Aphunzitsi akapeza wophunzira ali ndi foni amamulanda, ndipo makolo amadandaula." Waona kuti ndasinthanso n'kunena wophunzira mmodzi ndi foni imodzi? Kuteroko kumasiyanitsa anthuwo msanga. Ndime yako yatsopano ija ikumveka bwino chifukwa chomwecho, walemba za wophunzira mmodzi.

Onanso mgwirizano pamene dzina latalikirana ndi mneni wake. "Mafoni amene ophunzira amabwera nawo m'kalasi zimasokoneza" ndi cholakwa chimene chimabwera chifukwa pofika kumapeto wolemba waiwala kuti anayamba ndi "mafoni".

Yamikani: Funso langa ndi lakuti, kodi n'kololedwa kulemba "ine ndikuganiza kuti"? Ife ankatiletsa. Ndiye nkhani ya mng'ono wa Tadala ilowa bwanji popanda "ine"?

Bambo Gondwe: Ndi zinthu ziwiri zosiyana. "Ine ndikuganiza kuti" ndimachotsa chifukwa dzina lako lili kale pamwamba pa pepala, tikudziwa kuti maganizo ndi ako. Koma "mng'ono wanga anadwala panjira" ndi umboni, sindingachotse.

Mayi Nabanda: Apa aphunzitsi timasiyana, a Yamikani. Alipo amene safuna wolemba aonekere n'komwe m'chimangirizo cha mtsutso. Ine ndimalola, bola nkhani ya munthu mmodzi isasanduke umboni wa ana onse. Tadala akafotokoza za mng'ono wake aonjezere chifukwa chimene vutolo lingagwere mwana aliyense woyenda mtunda, asathere pa m'bale wake yekha. Koma popeza wochonga ndi aphunzitsi ake osati ine, akawafunse mawa, ndi funso la mphindi imodzi.

Tadala: Ndikawafunsa mayi. Ndayesa za pensulo zija pa zolemba zakale, timawu ta m'mbali tatuluka motere: dziko lasintha, mafoni amathandiza kufufuza, kusokoneza ndi kubera ndi mtengo ndi maso, mng'ono wanga panjira, mafoni amathandiza maphunziro, zonse zili ndi ubwino ndi kuipa. Yachiwiri ndi yachisanu ndi chinthu chimodzi, sindinaone n'komwe polemba. Ndiziphatikiza zikhale ndime ya wotsutsa ija. Dongosolo latsopano: chiyambi chothera pa mfundo yaikulu, panjira, m'kalasi, wotsutsa, mathero.

Chandivuta ndi ichi. Ngati abwera nawo koma osalowa nawo m'kalasi, mafoniwo azikhala kuti? Akasowa, mlandu ndi wa yani? Ndikuopa kuti aphunzitsi afunsa zimenezo, ndipo ndilibe mawu okwanira ndime ina.

Chikondi: Usazitchule. Funso silinafunse za kasungidwe, ukadziputira wekha mavuto.

Bambo Gondwe: Ine ndikuti azitchule. Iyeyo ndi amene wabweretsa njira yapakatiyo, ndiye wowerenga ali ndi ufulu wofunsa ngati ingatheke. Ziganizo ziwiri m'mathero zikwanira: chimodzi chovomereza kuti sukulu iyenera kukhala ndi malo otsekeka osungira mafoni ndi munthu woyang'anira, china chonena kuti vuto losunga ndi laling'ono poyerekeza ndi mwana wosowa thandizo panjira kapena kalasi yosamvetsera.

Chikondi: Koma paja m'mathero simulowa mfundo yatsopano, bambo.

Mayi Nabanda: Pamenepo Chikondi wagwira. Ngati zilowe, malo ake ndi kumapeto kwa ndime ya wotsutsa, chifukwa nalonso ndi funso la munthu wokayika. Tadala, lemba ndimeyo kawiri, ina zilimo ina mulibe, uwerenge mawu ake. Ikadutsa 160 ndiye kuti chimodzi mwa zotsutsa ziwirizo chiyenera kufupika. Utiikire zonse ziwiri pano mawa madzulo, ukhale utaziwerenga mokweza usanatumize.